Kasitomala Wakunja Akakulipirani

Tiyerekeze kuti mwagwirira ntchito kampani ya ku Britain ndipo mwailembera invoisi ya madola 500. Painvoisipo lembani dzina lanu monga lilili kubanki, nambala ya akaunti, kodi ya SWIFT ndi tsiku lomaliza kulipira.

Komatu ndalamazo sizifika zonse. Banki yapakati imadula zake, banki yanunso imadulako, kenako imasintha madolawo kukhala makwacha pa mtengo wake wogulira, womwe umakhala wotsika kuposa wogulitsira. Apa ndiye anthu ambiri amaluza osadziwa, chifukwa pachikalata siziwoneka ngati chindapusa.

Choncho gwirizanani kale kuti kasitomala asankhe OUR potumiza, kuti ndalama zotumizira alipire yekha. Akasankha SHA, mugawana.