Nsalu yobiriwira, khonde ndi laputopu: kusintha zooneka kumbuyo kwa wolankhula

Wolengeza zanyengo pa wailesi ya kanema akamatambasula dzanja kuloza kumene mvula ikuchokera, woonera amaona mapu aakulu kumbuyo kwake. M'masiteshoni ambiri mapuwo sakhalapo. Munthuyo amaima kutsogolo kwa khoma kapena nsalu yobiriwira, n'kumaloza m'malere, maso ake akuba pang'ono pa kanema wam'mbali kuti aone pamene chala chake chagwera. Kompyuta ndiyo imachotsa kubiriwirako n'kuikapo mapu.

Luso limeneli ndi lakale. Larry Butler analigwiritsa ntchito, ndi mtundu wabuluu, mu filimu ya The Thief of Bagdad ya mu 1940, ndipo analandira nalo mphoto ya Osika. Nthawi imeneyo ntchitoyi inkafuna makina okwera mtengo ndi akatswiri otsuka mafilimu. Lero mphunzitsi, mlaliki kapena mtsogoleri wa kwaya angathe kuichita ndi mamita ochepa a nsalu, laputopu ndi pulogalamu yaulere yotchedwa OBS Studio.

Chofunika kumvetsa poyamba n'chakuti pulogalamuyo siidziwa munthu. Siizindikira kuti uwu ndi mutu, ili ndi phewa, iyi ndi nsalu. Imangoyang'ana kadontho kalikonse ka chithunzi n'kufunsa funso limodzi: kodi mtundu wako ukufanana ndi kubiriwira kumene ndauzidwa? Kadontho kofanana kamafufutidwa, ndipo chithunzi chimene chaikidwa pansi chimaonekera pamenepo. Mavuto onse a ntchitoyi amachokera pa funso limenelo.

N'chifukwa chake anasankha mtundu wobiriwira. Khungu la munthu, loyera kapena lakuda, limapendekera kofiirira, kutali ndi kubiriwira. Palinso chifukwa cha m'kamera momwemo. M'makamera ambiri a masiku ano, theka la timaso tolandira kuwala limaona kubiriwira, pamene kufiira ndi buluu zimagawana theka linalo. Kasanjidwe kameneka anakakonza ndi Bryce Bayer wa kampani ya Kodak m'zaka za m'ma 1970. Motero kamera imaona nsalu yobiriwira bwino kuposa ya mtundu wina uliwonse, ngakhale kuwala kutachepako.

Chitsanzo chikhale mphunzitsi wa jogalafe amene akufuna kujambula phunziro la mtsinje wa Shire, kuonetsa mmene umatulukira m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, kudutsa nyanja ya Malombe ndi Liwonde, mpaka kukathira mu Zambezi ku Mozambique. Akufuna kuima pambali, mapu ali kumbuyo kwake.

Ulendo wake woyamba ndi wa kusitolo ya nsalu. Mawu oti "yobiriwira" amanyamula mitundu yambiri, choncho ndi bwino kuloza ndi chala: girini wowala, wonga tsamba lanthete la nthochi, osati wakuda ngati wa yunifolomu ya asilikali. Nsaluyo ikhale yosanyezimira. Nsalu zoterera zimene amakongoletsera maukwati zimakopa maso pasitolo, koma zimabweza kuwala ngati galasi, ndipo pamene panyezimira kamera imaona zoyera, osati zobiriwira. Ya thonje yokhuthala bwino ndiyo yoyenera. Yopyapyala imaonetsa njerwa za kumbuyo. Kwa munthu wojambulidwa kuyambira m'chiuno kupita kumutu, mamita atatu m'mbali ndi awiri kutalika akwanira. Ngati mpukutuwo ndi wochepa m'lifupi, telala alumikize zidutswa ziwiri, msoko auponde bwino ndi simbi, ndipo pamwamba asoke mpendero wotakasuka wolowetsamo nsungwi.

Kenaka kusita. Ntchito yotopetsayi ndiyo anthu ambiri amailumpha, nalipira pambuyo pake. Khwinya lililonse lili ndi mbali yowala ndi mbali yamdima, ndiye kuti kwa kompyuta ndi mitundu iwiri yosiyana. Nsungwi ina ikamangidwa kumunsi kuti izikoka nsaluyo ndi kulemera kwake, ndipo mapegi oyanikira zovala akaikunga m'mbali, nsalu imaima ngati khoma.

Nkhani yaikulu ili pa kuwala. Nsalu iyenera kuwala mofanana kuyambira ngodya ina kufika ina. Amene ali ndi mababu aike awiri ofanana, lina kumanja lina kumanzere, onse olunjika pansalu mopingasa, ndipo wolankhulayo akhale ndi nyale yake yapadera kutsogolo. Kusakaniza babu loyera ndi lachikasu kumapangitsa mbali imodzi ya nsalu kusintha mtundu. Koma mphunzitsi wathuyu, amene mwina magetsi angamuthimire phunziro lili pakati, ali ndi njira ina yosalira ndalama: khonde. Mthunzi wa pakhonde, pamene dzuwa silikugunda nsalu kapena munthu, umapereka kuwala kofewa kofalikira mofanana, ndipo tsiku la mitambo limaposa apo. Pansi pa mtengo wa mango si pabwino, chifukwa dzuwa limadontha m'mipata ya masamba n'kusiya mawanga oyendayenda. Chovuta cha pakhonde ndi mphepo, imene imagwedeza nsalu, komanso mitambo yodutsa, imene imasintha kuwala kujambula kuli m'kati.

Maso amanyenga pa nkhani ya kuwala, chifukwa amadzikonzera okha zimene akuona. Njira yoyesera ndi kujambula nsalu yokhayo ndi foni, kusandutsa chithunzicho kukhala chopanda mitundu, n'kukweza kusiyana kwa kuwala ndi mdima. Nsalu imene imaoneka yosalala imatulukira ndi chigamba choyera pakati ndi ngodya zakuda. Pamenepo munthu amadziwa babu loti alisunthe.

Mphunzitsiyo asaime chotsamira nsalu. Atalikirane nayo mita imodzi ndi theka kapena awiri. Akayandikira, chithunzithunzi chake chimagwera pansalu, ndipo malo amdimawo pulogalamu siiwaona ngati obiriwira. Pa mapu pamatsala chimtambo chakuda chomutsatira kulikonse. Komanso nsalu yowala imabweza kubiriwira kwake pa chilichonse chapafupi. Makutu, mapewa a malaya oyera ndi m'mphepete mwa masaya zimatenga kamtundu ka ndere. Pakhungu lakuda lodzola mafuta, kapena pamutu wampala, kubiriwirako kumaoneka kwambiri chifukwa khungulo limanyezimira. Kupukuta thukuta ndi kuponda phazi limodzi kutsogolo kumathandiza kuposa batani lililonse la pakompyuta.

Zovala nazo zili ndi mlandu wake. Chitenje cha masamba obiriwira chimabooka, mapu n'kumaonekera pamimba. Baji ya mbendera ya Malawi pachifuwa imataya mzere wake wapansi. Wochemerera Chipolopolo wovala jezi yobiriwira amatsala mutu ndi manja zikuyandama. Ngati chobiriwiracho sichingavulidwe, monga yunifolomu ya sukulu kapena ya kwaya, nsalu yabuluu imagwira ntchito yomweyo, kungoti imafuna kuwala kochulukirapo, ndipo apo wa jezi ya Wanderers ndiye amasowa. Mapu enieniwo angakhale obiriwira mmene angathere, palibe vuto, chifukwa pulogalamu imafufuta za pa kamera zokha.

Tsopano pa laputopu. Mu OBS Studio muli bokosi lolembedwa Sources, mmene amaikamo zonse zooneka pa kanemayo. Mphunzitsi aikemo kamera yake posankha Video Capture Device, kenaka mapu posankha Image. Chimene chili pamwamba pa mndandandawo ndicho chimaoneka kutsogolo, choncho kamera ikhale pamwamba, mapu pansi. Nsaluyo ikapanda kudzaza chithunzi chonse, agwire batani la Alt uku akukoka m'mphepete mwa chithunzi cha kamera, kuti adule khoma ndi zenera zimene zikusuzumira m'mbali. Akatero asankhe kamerayo, atsegule Filters, ndipo pansi pa Effect Filters awonjezere Chroma Key. Nthawi yomweyo nsalu imazimirira, Shire n'kuoneka kumbuyo kwake.

Pali zosintha zitatu zimene zimafuna dzanja lofatsa. Similarity imayambira pa 400 ndipo imanena kuchuluka kwa mitundu yoyandikana ndi girini imene ifufutidwe. Smoothness, yoyambira pa 80, imafewetsa m'mphepete mwa munthu. Key Color Spill Reduction, yoyambira pa 100, imachotsa kubiriwira kumene kwamatirira pathupi ndi pazovala.

Tinene kuti ngodya yakumanzere kwa mapu kwatsala utsi wotuwa wothwanima. Mphunzitsi amakweza Similarity pang'onopang'ono, utsiwo n'kuyamba kuchepa. Akapitiriza, amaona tsitsi lake likudyeka m'mphepete, kolala ya malaya ikuonekera kuseri, ndipo choko chili m'manja chikuzimirira. Apa pali phunziro la nambala imeneyi: ikafuna kukwezedwa kutali ndi pamene inayambira, cholakwika chili pansalu. Ngodya ija ili mumdima. Kusuntha babu kapena kukunga nsalu kumathetsa utsiwo, nambala n'kubwerera pafupi ndi 400, tsitsi n'kukhalanso lathunthu. Ngati nsalu yogulidwayo yasiyana ndi girini amene pulogalamu ikuyembekezera, pa Key Color Type asankhe Custom n'kupereka mtundu weniweni wa nsaluyo mmene kamera ikuionera. Spill Reduction nayo ikapyola muyeso imayamwa mtundu wa nkhope, munthu n'kuoneka wotuwa ngati wadwala.

Kamera yambiri ya pa laputopu imadzisinthira yokha kuwala ndi mtundu. Mphunzitsi akakweza buku loyera, kamera imachita mdima, girini amasintha, mapu n'kuyamba kuphethira. Ngati kamerayo ikulola, zodzisinthira zokhazo azizimitse. Azipewanso kugwedeza manja mothamanga, pakuti dzanja lothamanga limasakanikirana ndi kubiriwira n'kusiya mkombero wooneka.

Amene alibe kamera yabwino ya pakompyuta angathe kujambula ndi foni, imene kawirikawiri imatulutsa chithunzi chabwinopo, n'kukachotsa nsaluyo pambuyo mu Shotcut, pulogalamu inanso yaulere, ndi sefa yotchedwa Chroma Key: Simple. Kanemayo asamutsidwe ndi chingwe. Akatumizidwa pa WhatsApp monga kanema wamba amafinyidwa kuti achepe, ndipo chimene chimaonongeka msanga ndi malire a mitundu. M'mphepete mwa munthu mumasanduka timabokosi ngati masitepe, ndipo palibe chosintha chingabweze zimene zatayikazo.

Pali zina zimene nsalu ya pakhonde siingakwanitse. Tsitsi lomwazika, nsalu ya maukonde yophimba kumaso, botolo la madzi ndi magalasi a maso zimavutitsa ngakhale akatswiri, chifukwa kubiriwira kumadutsamo. Ndipo ngakhale kufufutako kutayenda bwino, diso la woonera limagwira bodza ngati kuwala sikukugwirizana: munthu wojambulidwa mumthunzi wa khonde saoneka woona akaikidwa pamchenga wa ku Salima dzuwa lili pamutu. Mapu, chithunzi cha mtima wa munthu kapena mawu a nyimbo ya kwaya sizikhala ndi vuto limeneli, chifukwa palibe amene akunamizidwa kuti wolankhulayo ali kumeneko.

Chomaliza kuzolowera ndi kuloza. Mphunzitsi akadziona pa laputopu, dzanja lake lamanja limaoneka mbali yakumanzere, ndipo poyamba chala chofuna Mangochi chimakagwera ku Mchinji. Kadontho ka choko chobiriwira kapena kachidutswa ka nsalu yomweyo komatidwa pamene pali Mangochi, Liwonde ndi Nsanje kamamuonetsa poloza akacheuka, ndipo kompyuta imakafufuta pamodzi ndi nsalu yonse.