Galimoto Yopangidwa Kuti Iphwanyike Kutsogolo

Anthu akaona galimoto ya masiku ano itachita ngozi, boneti itapindikira m'mwamba, amapukusa mitu n'kunena kuti ndi chitini chabe, zolimba zinali zamakedzana. Komatu kuphwanyikako n'kwadala.

Anayambitsa nzeruyi ndi Béla Barényi, injiniya wa kampani ya Mercedes-Benz ku Germany. Iye anagawa galimoto patatu: kutsogolo ndi kumbuyo kofewerapo, pakati chipinda cholimba mokhala anthu. Mercedes W111 ya 1959 inatuluka itamangidwa motero.

Nkhani yagona pa mtunda umene munthu amaimira. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola ikawomba khoma n'kutifuka masentimita 10 okha, munthu wolemera makilogalamu 70 amene wamanga lamba amakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa matani pafupifupi 7. Ikatifuka masentimita 60, mphamvuyo imangopitirira pang'ono tani imodzi. Liwiro ndi lomwelo, munthu ndi yemweyo, koma waima pang'onopang'ono.

Ntchitoyi imagwiridwa ndi zitsulo ziwiri zazitali, zamphako, zimene zimadutsa mbali ndi mbali ya injini kuchokera ku bampala. Opanga amazisiyira tinzere ndi timaenje pamalo osankhidwa, kuti zikagundidwa zizipindika motsatizana kuyambira kunsonga. Kupinda chitsulo kumadya mphamvu yambiri, ndipo imene yathera pamenepo sifika pachifuwa cha munthu. Yotsala imagawikira kumizati ya m'mbali mwa galasi ndi kunsi kwa zitseko. Kumeneko kuli chitsulo cholimba kwambiri, nthawi zambiri chosakaniza ndi boroni, kuti chipindacho chisapanikize miyendo ndi mitu.

Mu 2009 bungwe la IIHS ku America linawombanitsa Chevrolet Bel Air ya 1959 ndi Chevrolet Malibu ya 2009, iliyonse pa makilomita 64 pa ola. Chipinda cha Bel Air chinafwafwanizika, chiwongolero n'kulowa mkati. Cha Malibu chinatsala chili bwinobwino.

Malire alipo. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya ngozi imawirikiza kanayi, pamene zitsulo zija sizitalika. Ndipo wosamanga lamba sapindula kanthu, pakuti galimoto ikamaima iye amapitirira mpaka kukawomba galasi.

Chodetsa nkhawa kwambiri kwathu kuno, kumene ambiri timagula galimoto zogwirapo kale ntchito, ndi kakonzedwe. Chitsulo chopindika pangozi chimafunika kusinthidwa. Chikawongoledwa ndi moto ndi hamala kenaka n'kuwotcherera, chimaoneka bwino, koma pangozi yachiwiri chimatha kuthyoka polumikizira kapena kukana kupindika, mphamvu yonse n'kulowa m'chipinda. Wogula atsegule boneti n'kuyerekeza zitsulo ziwirizo. Makwinya, zowotcherera zamabampumabampu, penti watsopano mbali imodzi, dzimbiri lodya chitsulo, kapena mipata yosafanana pakati pa boneti ndi thupi la galimoto, n'zifukwa zokwanira zoitanira makaniko kuti aikweze aione kunsi ndalama zisanaperekedwe.