Kulemba mawu obweretsa filimu ya 16mm

Ambiri akafuna kuti pulogalamu yopanga vidiyo ndi mawu iwapatse chithunzi chooneka chakale, amangolemba "old" kapena "vintage". Chotuluka chimakhala chithunzi chamakono chopakidwa utoto wa khofi. Pulogalamuyo imamva bwino mukatchula chida chenichenicho ndi zilema zake.

Tinene kuti mukufuna msika wa m'ma 1970. Filimu ya 16mm, imene kampani ya Kodak inatulutsa mu 1923, imadziwika ndi timadontho tonga mchenga wosefa, kugwedezeka pang'ono kwa chithunzi, ndi kuwala kofiira kozungulira magetsi. Choncho mungalembe:

```
market street, 1974, 16mm film, film grain, gate weave, halation, 4:3
```

Nambala 4:3 ndi yofunika chifukwa zithunzi za filimu ya 16mm sizinali zotambalala ngati za wailesi yakanema ya masiku ano. Mukalemba "4K" kapena "sharp" mwawononga zonse, pakuti mawuwa amachotsa mchengawo.

Tepi ya VHS, yomwe inayamba ku Japan mu 1976, ili ndi zilema zina: mizere yoyera yothamanga m'munsi, mitundu yosefukira m'mphepete mwa zovala, ndi deti pakona. Musasakanize ziwirizi. Mchenga wa filimu pamodzi ndi mizere ya tepi zimabala chinthu chimene kamera iliyonse sinajambulepo.

Chotuluka chiyang'anitsitseni. Mchenga weniweni umasintha pa chithunzi chilichonse. Ukangoima malo amodzi ngati fumbi pagalasi, lembaninso. Onaninso ngati m'manja mwa wogulitsa tomato mwalowa foni yamakono.