Zimene manambala a masewero a NBA amanena mpira usanayambe

Amene amatsegula foni usiku kuona masewero a basiketibolo a ligi ya NBA ya ku America amapeza manambala awiri pambali pa mayina a matimu. Tiyerekeze kuti Denver Nuggets ikulandira Indiana Pacers, ndipo pa foni palembedwa Nuggets -6.5, pansi pake Over/Under 230.5. Manambala amenewa ndi ongoyerekeza, koma kawerengedwe kake ndi komweko tsiku lililonse.

Nambala yoyambayo ndi mtolo umene timu yamphamvu yasenzetsedwa. Masewero akatha, mumachotsa 6.5 pa mapointi a Nuggets n'kuona amene ali pamwamba. Ikapambana 118 kwa 110, yasiya mnzake ndi 8, mtolo yautula bwino. Ikapambana 118 kwa 113, anthu a ku Denver apita kwawo akusangalala, koma amene anabetcha pa -6.5 waluza. Theka la pointi analiikapo dala kuti pasakhale kufanana mphamvu. Nambala yachiwiri ilibe nazo ntchito kuti wapambana ndani: mumangophatikiza mapointi a matimu onse awiri. Pa 118 ndi 113 apo tapeza 231, ndiye kuti Over yadutsa mwa mwayi. Nthawi zambiri mphindi 5 zoonjezera, akalepherana, zimawerengedwanso, ndipo zagwetsa ambiri amene anasankha Under.

Nanga 230.5 imachokera kuti? Apa m'pamene pali nkhani yokoma. Masewero a NBA amatenga mphindi 48, ndipo timu ikagwira mpira imapatsidwa masekondi 24 kuti iponye. Nthawi iliyonse imene timu yagwira mpira mpaka kuuponya kapena kulandidwa, tiitche ulendo umodzi. M'zaka zaposachedwapa timu imayenda maulendo pafupifupi 100 pa masewero, ndipo ulendo uliwonse umabala pafupifupi mapointi 1.15. Ndiye timu imodzi 115, awiriwo 230.

Tsopano liwiro lisinthe pang'ono. Matimu othamanga, ngati mmene inkachitira Phoenix Suns ya Mike D'Antoni ndi Steve Nash kuyambira mu 2004, sadikira kuti masekondi athe. Maulendo akakwera kufika 104, timu iliyonse ipeza 119.6, zonse pamodzi 239. Akatsika kufika 96, zonse zigwera pa 221. Maulendo 4 okha, amene diso silingawaone n'komwe, asuntha nambala ndi mapointi 9! Koma taonani mtolo uja. Ngati Nuggets imaposa mnzake ndi mapointi 6 pa maulendo 100, pa maulendo 104 imuposa ndi 6 ndi kachidutswa chabe, poti mpira amalandirana, ndipo liwiro limapatsa onse awiri mpata wofanana. Ambiri amalakwa pomwepa: akamva kuti timu imagoletsa kwambiri amaganiza kuti ndi yamphamvu, pamene mwina imangothamanga, n'kumagoletsedwanso chimodzimodzi.

Kuvulala ndiko kumagwedeza mtolo. Ligi imalamula matimu kulengeza za thanzi la osewera, ndipo pa mndandanda mumaona mawu monga Questionable, kutanthauza kuti zikukayikitsa, kapena Out, kutanthauza kuti sasewera. Nikola Jokić akalembedwa Out, nambala ya Nuggets ingatsike ndi mapointi angapo m'mphindi zochepa, chifukwa masewero onse a timuyo amadutsa m'manja mwake ndipo wolowa m'malo mwake sangafikepo. Funso lenileni ndi limenelo: kusiyana kwa wovulalayo ndi amene atenge mphindi zake. Wosewera wotchuka amene ali ndi womulowera wabwino sasuntha nambala kwambiri.

Pa nambala yophatikiza ija, kuvulala sikupita mbali imodzi. Wogoletsa akasowa, imatsika. Koma akasowa wotchinga ngati Rudy Gobert, amene ntchito yake ndi kutseka njira ya pansi pa dengu, adani amalowa mosavuta ndipo nambala ingakwere.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mnyamata amene wamva m'mawa kuti katswiri wina wavulala n'kuthamanga kukabetcha ngati watola chinsinsi. Nkhani ikafika pa foni yake, nambala inasuntha kale. Mungadziwe poyerekeza nambala imene anatsegulira ndi imene ilipo tsopano: ngati -6.5 yasanduka -1.5, kusowa kwa Jokić akuwerengera kale, ndipo amene akubetcha chifukwa cha nkhaniyo akuilipira kawiri. Pakakhala Questionable, nambala imakhala pakatikati, kudikira kuti zidziwike.

Pamwamba pa zonsezi pali gawo la kampani. Mbali zonse ziwiri zimalipira pafupifupi 1.91, osati 2.00. Mukaika K1,000 n'kupambana, phindu ndi K910. Mukaluza, K1,000 yonse yapita. Kuti mungobweza ndalama zanu, muyenera kulondola maulendo oposa 52 pa 100 aliwonse, pa nambala imene anaikonza dala kuti ikhale ngati kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba.