Mapewa ayambe aoneka, diresi pambuyo

Mapulogalamu a pafoni amene amasintha zovala za munthu pachithunzi sayamba ndi kuyang'ana nkhope. Amafufuza kaye malire a thupi: pamene pathera phewa, pamene mkono wasiyana ndi nthiti, pamene khosi lalowa m'kolala. Malirewo akasowa, pulogalamu imangopeka. N'chifukwa chake diresi yachitenje imene mukufuna kukaonetsa telala imatuluka itadya chala chimodzi, kapena itamera pakhoma.

Titenge chithunzi cha mayi wojambulidwa m'holo madzulo pachinkhoswe, atavala bulauzi yakuda, kumbuyo kwake kuli katani yakudanso. Choyamba, pezani chithunzi chenichenicho. Foni zambiri zimajambula cha mapikiselo 4000 m'litali, koma chikadutsa pa WhatsApp mwachizolowezi chimafika chitachepetsedwa kwambiri. Muuzeni amene anajambula achitumize ngati Document. Bandulo idyekako, koma bola.

Kenaka chikulitseni ndi zala pamapewa ndi m'maso. Mukaona timadontho ngati mchenga, vuto ndi mdima chabe, ndipo limachizika. Koma ngati phewa likuoneka pawiri, kapena ndolo yasanduka kamzere, ndiye kuti dzanja la wojambula linagwedera. Pamenepo musadzivute. Bulauzi ilipo, khonde lilipo: kajambulitseninso m'mawa pamthunzi, mikono mutaitalikitsako pang'ono ndi thupi.

Chamdima chija chitsegulireni mu Snapseed, pa Tune Image. Ambiri amathamangira Brightness, koma iyo imawalitsa paliponse, mwakuti chipumi ndi mababu zimayereratu bulauzi isanaoneke n'komwe. Kwezani Shadows pang'onopang'ono, mwina kufika pa 40 kapena 50, maso ali paphewa. Mukangoona kuti bulauzi yasiyana ndi katani, lekerani pomwepo. Nkhope ikawala mopitirira, tsitsani Highlights. Ngati mababu a m'holo apaka chikasu pakhungu, konzani pa White Balance, apo ayi chovala chatsopanocho chidzaoneka chomata, kuwala kwake kosiyana ndi kwa mwini wake.

Kuwalitsa kumadzutsa timadontho tija, makamaka pansalu yakuda. Tichepetseni ndi Noise Reduction ya mu Lightroom musanakhudze Sharpening, chifukwa mukasemphanitsa munola timadonthoto, ndipo pulogalamu ya zovala ikhoza kutiyesa maluwa a nsalu. Kunolako kukhale kochepa. Kamzere koyera kakatulukira m'mbali mwa mkono, mwapyola muyeso, bwererani.

Nanga Remini ndi anzake? Amenewa sabweza zimene kamera inaphonya, amajambula zawozawo. Nkhope imasalala, mano amafola bwinobwino, koma achemwali anu akhoza kufunsa kuti ameneyu ndani. Mukawagwiritsa ntchito, ikani zithunzi ziwirizo pambali n'kuyerekeza maso ndi mphuno. Mukakhutira, sungani ndi Export, osati Screenshot, ndipo choyambirira chija musafufute.