Akauntanti wa gulu la makampani ndi kusiyana kwa ndalama za mayiko awiri

Chaka cha malonda chikatha, akauntanti wa kampani yomwe ili ndi makampani ena pansi pake amayamba ntchito pomwe anzake amalizira. Mabuku ochokera ku Lusaka, ku Maputo kapena ku Joni amabwera atatsekedwa kale, lililonse m'ndalama ya kwawo, ndipo iye ayenera kuwaphatikiza kuti akhale lipoti limodzi m'ndalama imodzi. Kuno kwathu ntchitoyi si yachilendo. Manambala a Illovo ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa amakathera m'mapaundi m'mabuku a Associated British Foods, ndipo FMB Capital Holdings imaphatikiza m'madola mabanki ake a ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Botswana ndi Mozambiki. Lamulo lomwe onsewa amatsata ndi IAS 21, ndipo ndi lomwelo limawatulutsa thukuta ophunzira a ICAM ndi ACCA pa funso la magulu a makampani.

Lamulolo palokha ndi lalifupi. Katundu ndi ngongole za kampani yakunja zimasinthidwa pa mtengo wa tsiku lotseka mabuku. Zolowa ndi zotuluka za m'chakamo zimasinthidwa pa mtengo wa tsiku lomwe zinachitika, koma popeza palibe angatsate malisiti zikwizikwi limodzilimodzi, amaloledwa kutenga mtengo wapakatikati wa chaka. Mitengo ikakhala iwiri chonchi, mabuku sangagwirizane okha. Pamatsala kusiyana, ndipo luso la akauntanti limaonekera pa momwe wakupezera.

Tiyerekeze funso lotere. Kampani ya ku Blantyre yagula 80 peresenti ya kampani ya ku Joni pa tsiku loyamba la chaka, ndipo yalipira marandi 11 miliyoni. Tsikulo chuma cha kampani yogulidwayo, titachotsa ngongole, chinali marandi 10 miliyoni. M'chakacho yapeza phindu la marandi 2 miliyoni ndipo sinagawe kalikonse kwa eni ake. Randi imodzi inali K60 poyamba, K70 pakatikati, K90 potseka.

Wodziwa ntchito amayamba ndi chuma choyambira: 10 miliyoni pa K60 ndi K600 miliyoni. Amawonjezera phindu, 2 miliyoni pa K70, lomwe ndi K140 miliyoni. Tikaphatikiza ziwirizi tikupeza K740 miliyoni. Koma chuma chotsekera ndi marandi 12 miliyoni, ndipo pa K90 chikukwana K1,080 miliyoni. Kusiyana ndi K340 miliyoni.

Ambiri amaima pomwepa, n'kuiponya nambalayo pamalo pomwe mabuku sakugwirizana. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe pamasiyana akauntanti ndi munthu wongodziwa kudina kakyuleta. Nambala yongotsekera dzenje imameza zolakwa zonse zomwe zachitika kumtunda, ndipo palibe amaziona. Pamene K340 miliyoni yoona imatha kutsimikizika panjira ina. Marandi 10 miliyoni omwe analipo chaka chonse anakwera ndi K30 iliyonse, ndiye K300 miliyoni. Marandi 2 miliyoni a phindu analembedwa pa K70 koma tsopano ali pa K90, ndiye K40 miliyoni. Kuphatikiza ziwirizi tikupeza yomwe ija. Njira ziwirizi zikapanda kukumana, ndiye kuti pena pake pabisala kanthu, mwina dividendi yomwe yaiwalika kapena mtengo wolakwika.

Chomwe chimaiwalika kawirikawiri ndi gudiwilu, ndalama yomwe wogula analipira pamwamba pa chuma chooneka. Apa eni ena a 20 peresenti tikuwawerengera gawo lawo la chuma chokha, marandi 2 miliyoni. Tikaphatikiza ndi 11 miliyoni yomwe inalipidwa n'kuchotsa 10 miliyoni ya chuma, gudiwilu ndi marandi 3 miliyoni. IAS 21 imati gudiwiluyu ndi katundu wa kampani ya ku Joni, osati wa ku Blantyre, choncho amakhala m'marandi ndipo amasinthidwanso chaka chilichonse potseka. Anali K180 miliyoni, tsopano ndi K270 miliyoni. Apo patuluka kusiyana kwina kwa K90 miliyoni.

Kenako pamabwera kugawa. Pa K340 miliyoni ija, gulu likutenga K272 miliyoni ndipo eni ang'onoang'ono K68 miliyoni. K90 miliyoni ya gudiwilu ndi ya gulu yonse, chifukwa m'kawerengedwe komwe tasankha eni ang'onoang'onowo alibe gawo pa gudiwilu. Akanawerengedwa pa mtengo wa pamsika wa masheya awo, nawonso akanalandirako. Ndiye thumba la gulu losungira kusiyana kwa ndalama likhala ndi K362 miliyoni. Odita akabwera amayesa chonchi: K660 miliyoni yomwe gulu linalipira, kuwonjezera K112 miliyoni ya gawo lake la phindu, kuwonjezeranso K362 miliyoni, zikukwana K1,134 miliyoni. Mbali inayo, 80 peresenti ya K1,080 miliyoni ndi K864 miliyoni, ndipo ndi gudiwilu wa K270 miliyoni zikukwananso K1,134 miliyoni.

Nanga bwanji ndalama yonseyi siilowa m'phindu la chaka? Chifukwa kampani ya ku Joni sinagulitse kanthu kuti ipeze K362 miliyoni, ndipo palibe tambala yafika ku Blantyre. Kwacha ndiyo yagwa, basi. Choncho kusiyanaku kumalembedwa m'ndime ya zopeza zina, pansi pa phindu, n'kumaunjikana m'thumba lija chaka ndi chaka. Kumadzalowa m'phindu tsiku lomwe gulu lagulitsa kampaniyo n'kusiya kuilamulira. Mabwana ena a bodi samvetsa zimenezi, makamaka chaka chomwe phindu lachepa koma thumba latupa, ndipo akauntanti amafunika kukhala ndi khosi lolimba powafotokozera kuti ndalama imeneyo si yogawana.

Ophunzira amasokoneza nkhaniyi ndi ina yofanana nayo. Kampani ya ku Joni ikakhala ndi ngongole ya madola, kusiyana kwa randi ndi dola pa ngongoleyo kumalowa m'phindu lake lomwelo, m'mabuku ake, asanatumizidwe n'komwe ku likulu. Imeneyo ndi ntchito ya akauntanti wa ku Joni. Wa ku likulu akalandira mabuku osakonza ngongoleyo, amayamba waikonza m'marandi, kenako ndiye n'kusintha zonse kupita m'kwacha. Akasemphanitsa ndondomekoyi, phindu limalakwika ndipo thumba nalo limalakwika.

Mtengo wapakatikati uja nawo uli ndi malire ake. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola n'kufika cha m'ma K1,700. Wina akangophatikiza mtengo wa Januwale ndi wa Disembala n'kugawa pawiri, amapeza nambala yomwe palibe anagulirapo ndalama mwezi uliwonse wa chakacho. Lamulo lomwelo limati mitengo ikalumpha kwambiri, wapakatikati sugwira. Apa akauntanti amapempha anzake akunja kuti atumize phindu la mwezi ndi mwezi, n'kusintha mwezi uliwonse pa mtengo wake, ndipo mwezi womwe ndalama inagwa amaudula pawiri. Pa mayeso mtengo wapakatikati umaperekedwa m'funso, koma ku ofesi akauntanti amausankha yekha, ndipo odita amafuna kuona pepala losonyeza komwe wautenga.