Chitseko Chonyezimira Pachithunzi: Ndani Wakonza Bwino Galimoto?

Masiku ano mmisiri wowongola magalimoto safunikanso chikwangwani chachikulu pamsewu. Foni yake ndiyo imamuitanira makasitomala. Mukangomufunsa ngati angakonze galimoto yanu imene yagundidwa, amakutumizirani zithunzi ziwiri pa WhatsApp: china cha galimoto ya munthu wina ili yophwanyika, china cha galimoto yomweyo itatuluka m'manja mwake ikuwala. Mukafunsa mmisiri wachiwiri, nayenso amachita chimodzimodzi. Ndiye mumakhala pansi n'kumayang'ana zithunzi zinayi, mukufuna kudziwa amene mungamupatse ndalama zanu. Ambirife timasankha chithunzi chonyezimira kwambiri. Komatu kunyezimira ndi chinthu chosavuta kuchipeza pa ntchito yonseyi, ndipo sikunena chilichonse za chitsulo chimene chili pansi pa penti.

Tiyerekeze kuti muli ndi Toyota Vitz yasiliva, imodzi mwa zija zimabwera kuchokera ku Japan kudzera padoko la Dar es Salaam. Njinga yamoto ya kabaza yaiwomba pachitseko chakutsogolo, chitsulo chalowa m'kati pamalo aakulu ngati zikhatho ziwiri, ndipo mzere uja umayenda m'mbali mwa galimoto wapindika. Amisiri awiri akuonetsani ntchito zofanana ndi imeneyi zomwe anagwirapo. Woyamba, chithunzi chake cha galimoto yowonongeka anachijambula pafupi, padzuwa, ataima chammbali, moti kupindika konse kukuoneka. Cha galimoto yokonzedwa anachijambula ali patali, moyang'anizana ndi chitseko, pansi pa shedi, ndipo pansi pali madzi. Wachiwiri zithunzi zake zonse ziwiri anajambula ataima malo amodzi, panja, galimoto ili youma, ndipo yokonzedwayo ikuoneka kafumbi pang'ono pa matayala.

Musanayang'ane n'komwe chitseko, yang'anani kaye ngati zithunzi ziwirizo zikulankhula za chinthu chimodzi. Chitsulo chopindika chimaoneka chifukwa cha mmene kuwala kukugwera. Kuwala kukamabwera chammbali, kadzenje kakang'ono kamachita mthunzi n'kuonekera. Mukaima moyang'anizana ndi chitseko chomwecho pamthunzi, kadzenje kaja kamasowa ngakhale palibe amene wakakhudza. Choncho mmisiri woyambayo, kaya mwadala kaya mosadziwa, waonetsa vuto pamalo pamene limaoneka kwambiri, n'kuonetsa ntchito yake pamalo pamene zolakwika zimabisala. Madzi aja nawonso ali ndi nkhani yawo. Penti yonyowa imawala ngakhale ili yokandika, chifukwa madzi amadzaza timikwingwirima ta sandipepa. Galimoto ikauma, timizere tija timabwerera. Onjezanipo kuti foni imadzisinthira yokha kuwala ndi mtundu pa chithunzi chilichonse, ndiye siliva wa pamthunzi ndi siliva wa padzuwa sangafanane ngakhale penti ili imodzi. Zithunzi za mmisiri woyamba sizikutsimikiza kuti ntchito yake ndi yoipa. Zikungolephera kutsimikiza kuti ndi yabwino.

Tsopano tibwere pa chimene ine ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonse pachithunzi cha galimoto yomalizidwa. Musayang'ane penti yeniyeniyo, yang'anani zinthu zimene zikuoneka m'pentimo. Chitseko cha galimoto chili ndi zithunzithunzi za zinthu zoizungulira: mzati wamagetsi, m'mphepete mwa denga la malata, mizere ya njerwa za mpanda. Zinthu zimenezi n'zowongoka. Ngati chitseko chawongoledwa bwino, mzere wa denga uja umayenda bwinobwino kuchokera pa madigadi, kudutsa pachitseko chakutsogolo, kukafika pachitseko chakumbuyo, osaduka. Ukhoza kukhota pang'onopang'ono potsatira maumbidwe a galimoto, koma umakhota mofanana. Ngati pansi pake pali mabampu, mzerewo ukafika pamalo okonzedwa umayamba kugwedera, kunenepa apa n'kuwonda apo, kenako n'kuwongokanso ukadutsa. Diso silingaone kusiyana kwa theka la milimita pachitsulo, koma limaona msanga mzati wowongoka ukasanduka wokhotakhota. Amisiri odziwa ntchito amachita zomwezi m'garaja: amawerama kumapeto kwa galimoto n'kuyang'ana motsatira mbali yake yonse.

Pachithunzi cha mmisiri wachiwiri, mpanda wa njerwa ukuoneka m'chitseko ndipo mizere yake ikudutsa osagwedera. Pachithunzi cha woyamba, m'chitseko mukungooneka mdima wa shedi. Palibe mzere woti muutsatire.

Mukakulitsa chithunzi ndi zala, zithunzithunzi zomwezo zimakuuzaninso za kapoperedwe ka penti. M'mphepete mwa chithunzithunzi mukakhala mwakuthwa ngati mmene mulili pachitseko chimene sichinakhudzidwe, penti inagona bwino. Mukakhala mwa timabampu tosawerengeka ngati khungu la lalanje, ndiye kuti penti inali yolimba kwambiri, kapena mpweya wa kompuresa unali wochepa, kapena wopoperayo anaimika mfuti yake patali. Penti ya kufakitale nayo imakhala ndi timabampu totere pang'ono, ndiye funso ndi lakuti kodi chitseko chokonzedwa chikufanana ndi chinzake choyandikana nacho. Yang'ananinso kumunsi kwa chitseko ndi pansi pa chogwirira, kumene penti yochuluka imayenderera n'kuuma ili ndi mitu. Timadontho totumphuka apa ndi apo ndi fumbi limene linagwera penti isanaume, vuto lodziwika kwa amisiri opopera panja m'miyezi ya mphepo ndi fumbi. Kuti muone zonsezi, pemphani kuti chithunzi achitumize ngati Document, chifukwa chikatumizidwa mwa nthawi zonse WhatsApp imachichepetsa ndipo tinthu ting'onoting'ono timafufutika.

Mtundu wa siliva ndi wovuta. Muli tizidutswa ta aluminiyamu, ndipo mmene tizidutswato tagonera zimadalira mphamvu ya mpweya, mtunda wa mfuti ndi kunyowa kwa penti pamene imapoperedwa. N'chifukwa chake chitseko chikhoza kufanana ndi madigadi mukachiyang'ana mwachindunji, koma n'kuoneka chakuda kapena chotuwa mukasuntha masitepe atatu. Nambala ya mtundu imalembedwa pa kachikwangwani ka galimoto, pa mzati wa chitseko kapena m'chipinda cha injini; pa Toyota imatsatira zilembo C/TR, ndipo siliva wofala ndi 1F7. Koma galimoto imene yakhala zaka khumi padzuwa sifanananso ndendende ndi nambala yake. Mmisiri waluso amapopera kaye pa kachitsulo koyesera, ndipo mtundu watsopano amaumwaza mochepa kulowera pa madigadi ndi chitseko chakumbuyo kuti diso lisapeze polekezera. Pachithunzi, yang'anani pamene chitseko chakumana ndi chinzake. Ngati mtundu wasintha mwadzidzidzi pa mpata umenewo, ntchitoyi sinachitike. Ndipo chithunzi chimodzi sichikwanira, pamafunika china chojambulidwa chammbali.

Mpata womwewo uli ndi umboni winanso. Pa magalimoto ambiri umakhala wa mamilimita pakati pa 3 ndi 5, ndipo chofunika n'chakuti ukhale wofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ukakhala wothina pamwamba, wotambasuka pansi, chitseko sichinakhale pamalo pake, ndipo mudzamva mphepo ikulira mukamathamanga, mwinanso madzi kulowa. Muonenso mphira za m'mbali mwa galasi ndi chogwirira chitseko. Utsi wa siliva pa mphira yakuda ukutanthauza kuti mmisiri sanachotse kapena kuphimba bwino zinthuzi, ndipo penti imene yathera pa mphira ndi imene imayamba kusupuka.

Koma pali malire amene chithunzi cha ntchito yomalizidwa sichingadutse, ngakhale chijambulidwe mwachilungamo chotani. Chitseko chopindika chingasalazidwe m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuchotsa chophimba cham'kati, kumenya ndi kukoka chitsulo mpaka chibwerere pafupi ndi mmene chinalili, kenako kupaka fila wochepa wongotseka timabampu totsala. Yachiwiri ndi kusiya dzenje mmene lilili n'kulidzaza ndi fila. Tsiku lotulutsa galimoto, zitseko ziwirizi zikhoza kuoneka chimodzimodzi, ndipo chodzaza filacho nthawi zina chimasalala kuposa chinzake. Fila anapangidwa kuti akhale wopyapyala, mamilimita awiri kapena atatu, ndipo akapitirira 6 ndiye kuti wapyola ntchito yake. Chitseko chimamenyetsedwa tsiku ndi tsiku, chimatentha masana n'kuzizira usiku, chimagwedezeka m'misewu ya mabampu. Fila wonenepa satsatira chitsulo pa zonsezi, amang'aluka. Madzi akalowa pamng'alupo amakhala pakati pa fila ndi chitsulo, dzimbiri limayamba, ndipo dzinja likamatha mumaona penti ikutukumuka matuza. Ngati pulayimala sanaume mokwanira, pakapita masabata angapo amafota, ndipo mizere ya sandipepa ndi malire a fila zimayamba kuonekera pansi pa penti imene inali yosalala.

Apa ndi pamene ndimaikira mtima kwambiri, chifukwa anthu amataya ndalama zambiri pa chinthu chimene funso limodzi likanawapulumutsa. Chithunzi chimene chimaweruza mlandu si choyamba kapena chomaliza, koma chapakati: chitseko penti itachotsedwa, chitsulo chili poyera, fila asanapakidwe. Pamenepo mumaona ngati mzere wa m'mbali uja wabwezedwa ndi chitsulo chenicheni, komanso ngati dzimbiri lachotsedwa mpaka chitsulo kuyera. Chithunzi cha fila atakwechedwa chimanenanso zambiri. Ngati chitsulo chikusuzumira apa ndi apo pakati pa fila, ndipo m'mphepete mwake mwapyapyala mpaka kuzimiririka, filayo ndi wochepa. Ngati theka la chitseko ndi chigamba chimodzi chosaonetsa chitsulo paliponse, funsani kuti pansi pake pali chiyani. Mmisiri amene amawongoladi chitsulo sakana kujambula zimenezi, chifukwa m'pamene pali thukuta lake.

Mukakhala ndi mwayi woiona galimoto yokonzedwayo ndi maso, tengani kamaginito kofooka, kokutidwa ndi kansalu kuti kasakande penti. Pachitsulo chokhala ndi penti yokha kamagwira, pa fila wonenepa kamagwira mofooka kapena kugwa. Yambani kuyesa pachitseko chosakonzedwa kuti mudziwe mphamvu yake, ndipo musayese pa bampala, chifukwa ndi ya pulasitiki.

Pa amisiri athu awiri aja, wachiwiri ali patsogolo: anaima malo amodzi, galimoto inali youma, mizere ya mpanda yadutsa mowongoka. Woyamba sitinamugwetse, koma ayenera kutumiza chithunzi china, chapanja, chammbali, galimoto itauma. Onse awiri afunseni chithunzi cha chitsulo chisanapakidwe fila, ndiponso ngati angakuonetseni galimoto imene anaikonza chaka chatha n'kudutsa m'mvula. Ndipo yanuyo musanaisiye pagaraja, ijambuleni nokha panja, mwachindunji ndi chammbali, pafupi ndi mpanda kapena mzati, kuti tsiku lokaitenga mukaime pamalo ofanana n'kujambulanso musanalipire ndalama yomaliza.